Chithokomiro ndi Kafumbata Wamuubongo

Chithokomiro, kachiwalo kam'khosi, sichigwira ntchito mwachokha. Chigawo cha ubongo chotchedwa haipothalamasi chimatulutsa homoni ya TRH, imene imadzutsa pituwitale, kafumbata kapansi pa ubongo. Kameneka kamatumiza TSH m'magazi, ndipo TSH imalamula chithokomiro kupanga T4 ndi T3, mahomoni oyendetsa liwiro la thupi. Mahomoniwa akachuluka, amabwerera kukaletsa TRH ndi TSH. Akachepa, chiletsocho chimamasuka. Choncho TSH ndi T4 zimayenda motsutsana.

Tiyerekeze mayi amene akuwonda chikhalirecho akudya bwino, manja akunjenjemera, mtima ukugunda mofulumira. Magazi ake akaonetsa T4 yokwera ndi TSH yotsikiratu, ndiye kuti chithokomiro chikudzilamulira chokha, monga zimakhalira pa matenda a Graves, ndipo pituwitale yangokhala chete. Chithokomiro chikafooka zimatembenuka: T4 imatsika, TSH nkukwera, munthu nkumazizidwa, kutopa ndi kudzimbidwa. Kumene ayodini akusowa m'zakudya, TSH imatha kukakamiza chithokomiro mpaka khosi kutupa.

Chosokoneza n'chakuti nthawi zina T4 imatsika koma TSH osakwera. Apo vuto lili ku pituwitale kapena haipothalamasi, ndipo kuyeza TSH yokha sikungalipeze.