Malata a nyumba ya zipinda zitatu ndi ndalama zingati?

Tsiku lina ndikuusa mvula m'shopu ina ya zipangizo zomangira ku Lilongwe, mnyamata amene amalemba makoteshoni anandionetsa uthenga umene unali utangolowa pafoni yake. Unali wa mzere umodzi: "Bwana, malata a nyumba ya zipinda zitatu ndi ndalama zingati?" Iye anabweza funso lakuti malata ake otani. Yankho linafika patapita ola. Anafunsanso za geji, kenako za kutalika kwa nyumbayo, kenako za komwe ili. Mmene mvula inkakata n'kuti mauthenga atakwana khumi, koma mtengo usanatuluke. Wofunsayo anayamba kuona ngati akumubisira mtengo dala, ndipo anangoti zii. Mwina anapita kwa wina amene anamutchulira ndalama yongoganizira, yotsika bwino, imene idzakwere katundu ali kale pamsewu.

Onse awiri sanalakwe. Wogula sangadziwe zimene wowerengera mtengo amafuna kumva ngati palibe amene wamuuza. Ntchito ya fomu yofunsira koteshoni ndi imeneyo: kufunsa kamodzi, mwadongosolo, mafunso onse amene akanadzafunsidwa limodzilimodzi tsiku lonse. Kaya fomuyo ili papepala kapena munthu amaidzaza pafoni, muyeso wa funso lililonse ndi umodzi. Kodi yankho lake likasintha, mtengo usintha? Ngati susintha, funsolo lichotseni. Mafomu ambiri amene ndaona amafunsa dzina, nambala ya foni, kenako n'kusiya bokosi lalikulu lolembedwa kuti "Fotokozani zimene mukufuna". Bokosi limenelo ndi limene limabala uthenga wa zipinda zitatu uja.

Tiyeni tikhale pa malata pomwepo, chifukwa ndi pamene vutoli limaonekera bwino. Mawu akuti "lata" paokha satchula katundu. Pali malata a mizere yozungulira amene tinakula tikuwaona, ndipo pali a IBR, a mizere ya makona. Lata la IBR likakhomedwa pamwamba pa linzake limaphimba mamilimita 686 m'lifupi, pamene a mizere yozungulira amaphimba mosiyana malinga ndi kuchuluka kwa mizere yake. Choncho denga limodzimodzi lidya malata ochuluka mosiyana. Ndiye pali geji, imene imasokoneza anthu ambiri chifukwa imayenda chobwerera: nambala ikakula, lata limapyapyala. Geji 28 ndi yochindikala kuposa 30, ndipo 32 ndi yopyapyala kuposa zonsezi. Ndinaonapo munthu akuumirira 32 poganiza kuti akugula lolimba kwambiri. Pafomu yabwino wogula salemba yekha zinthu zimenezi. Amasankha pa mndandanda, pambali pali chithunzi cha mtundu uliwonse wa lata, ndipo pansi pa geji pali mzere umodzi womuuza kuti nambala yaing'ono ndiye lata lochindikala. Afunsidwenso ngati akufuna opaka utoto kapena oyera wamba, ndiponso utoto wake.

Tsopano miyeso. Titenge nyumba ya mamita 12 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi, ya denga lotsetserekera mbali ziwiri. Munthu wongomva manambala awiriwa akhoza kugawa 8 pakati n'kunena kuti lata lililonse likhale la mamita 4. Akagawa 12 ndi 0.686 apeza malata 18 mbali imodzi, 36 mbali zonse, kutanthauza mamita 144 a IBR. Mtengo autchula, wogula akondwera.

Koma denga siligona chafulati, ndipo silithera pakhoma. Tinene kuti msonga yake yakwera mita imodzi ndi theka kuchokera pamwamba pa khoma, ndipo malata atulukira kunja kwa khoma ndi masentimita 60 kuti mvula isamamenye pulasitala. Lata lija silikhalanso la mamita 4, lifika pafupifupi 4.9. Kumapeto awiri a nyumba denga litulukiranso, tinene masentimita 30 uku ndi uku, ndiye kutalika kwake kukhala 12.6. Mukagawa ndi 0.686 mupeza 18.4, ndipo popeza palibe amene amagulitsa kachidutswa ka m'lifupi, ndi malata 19 mbali imodzi, 38 onse. Muchulukitse ndi 4.9, mupeza mamita 186. Kusiyana kwake ndi mamita 42, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene anatchuliridwa poyamba, ndipo apa sitinawerengere misomali ndi zovindikira pamsonga. Malata a IBR kawirikawiri amadulidwa pa muyeso umene wogula wapereka. Akadulidwa mofupika, palibe kobweza.

Choncho fomu ifunse zinthu zinayi padera: litali, lifupi, kukwera kwa msonga, ndi kutulukira kwa denga kunja kwa khoma. Musafunse madigiri a kapendekedwe ka denga, chifukwa ambiri sawadziwa, pamene kukwera kwa msonga mmisiri aliyense amayeza ndi tepi. Muikenso zithunzi za mitundu ya madenga kuti munthu aloze lake, pakuti denga lotsetserekera mbali zinayi limadulitsa malata m'makona ndipo zotayika zimachuluka. Chinthu chimene ndimachilimbikira kwambiri ndi ichi: pasakhale malo olemba nambala popanda kusankha kuti ndi mamita kapena mafiti. Kuno timasakaniza. Pulani imalembedwa m'mamilimita, mmisiri amalankhula m'mafiti, wogulitsa amawerengera m'mamita. Munthu akalemba 12 basi, akhoza kukhala akunena mafiti 12, amene ndi mamita 3.66 okha.

Nanga amene sadziwa? Ambiri sadziwa, ndipo si chamanyazi. Funso lililonse la luso likhale ndi yankho lakuti "Sindikudziwa, mundithandize". Mukamukakamiza munthu kusankha, asankha chilichonse kuti fomu ipite, ndipo inu muwerengera bodza mosamala kwambiri. Yankho lakuti sindikudziwa limakuuzani kuti pamenepa pakufunika foni kapena ulendo wokayeza. Pakhalenso njira yotumizira chithunzi cha pulani, ngakhale chojambula pamanja papepala la m'kope, ndi zithunzi ziwiri kapena zitatu za nyumbayo mmene ilili lero.

Katundu wina amatsata njira yomweyi, ndipo sindichedwapo. Simenti ya thumba la makilogalamu 50 ili ya 32.5 ndi ya 42.5, ndipo mitengo yake si imodzi. Zitsulo ndi Y10, Y12, Y16, zimene nthawi zambiri zimabwera m'mamita 12, ndiye mufunse ngati zikufunika kupinda kapena kudula kuti zikwere galimoto. Mchenga ndi kwale musalole munthu kulemba "matiripu atatu" popanda kutchula kukula kwa galimoto yake.

Funso limene limaiwalika kwambiri ndi la malo. Kulemba kuti "Lilongwe" sikuthandiza, chifukwa kupititsa katundu ku Area 25 kuchokera ku Kanengo si chimodzimodzi ndi kumupititsa kumudzi wa kuseri kwa Mitundu mu February. Fomu ifunse boma, dera, chizindikiro chapafupi monga sukulu kapena tchalitchi, ndipo ngati n'kotheka munthu atumize malowo pa mapu a pafoni. Kenako ifunse mosabisa: kodi lole yaikulu imafika pamalopo? Msewu wake ndi wa tala kapena wafumbi? Pali mlatho wamitengo kapena dambo panjira? Otsitsa katundu ndi a ndani? Lole ikaima mamita 200 kutali ndi pamalo, matumba 100 a simenti ayenda pamutu, ndipo anthu onyamulawo alipidwa. Ndalama imeneyo ikapanda kulowa mu koteshoni, idzatulukira pa mkangano.

Palinso abale athu amene ali ku Joni kapena ku Mangalande, akumanga kumudzi kudzera pafoni. Wodzaza fomu ndi wina, wolipira ndi yemweyo, koma amene akudziwa kuti khoma lafika pati ndi mlamu wake kapena mmisiri. Ikani malo awiri a nambala: ya wolipira, ndi ya munthu amene ali pamalo amene mungamufunse miyeso.

Kwa kontilakitala mafunso amakula pang'ono. Loyamba, ndipo lisankhidwe munthu asanapite patsogolo: mukufuna mtengo wa ntchito yokha, kapena ntchito pamodzi ndi zipangizo? Makoteshoni awiri a nyumba imodzi amatha kusiyana kutalitali chifukwa cha funso limeneli lokha, wogula n'kumaganiza kuti wina ndi wakuba. Lachiwiri ndi la pamene ntchito ikuyambira ndi pamene ikuthera: ndi malo osagumula, maziko alipo kale, khoma lili pawindo, kapena kwatsala kufolera? Nanga mukufuna kulekezera pa denga, kapena mpaka penti ndi matailosi? Kenako nthaka. Puloti ya m'mphepete mwa phiri la Soche kapena Ndirande, yotsetsereka ndi yamiyala, imadya ndalama zambiri pokumba ndi pokweza maziko kusiyana ndi malo athyathyathya, ndipo ya kudambo imafuna maziko a mtundu wina. Madzi nawo afunsidwe, ngati pali mpopi kapena chitsime, kapena adzachita kugula m'migolo. Komabe fomu ya kontilakitala inene poyera kuti mtengo woyambawo ndi wongoyerekeza kufikira atadzaona malowo. Palibe fomu imene imaona thanthwe lili pansi pa dothi.

Nthawi nayo ndi mtengo. Mu November 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo aliyense amene anali ndi koteshoni yakale m'thumba anapeza kuti chasanduka chipepala chabe. Fomu ifunse kuti munthu akufuna kugula liti: sabata ino, mwezi uno, kapena akungofufuza kuti adziwe zosunga. Onse atatu ndi makasitomala, koma sayankhidwa mofanana. Ndipo koteshoni ikamatuluka ilembe tsiku limene mtengowo uthera, komanso ngati VAT ilimo kale kapena ayi. Wogulira kampani kapena bungwe afunsidwe dzina loti lilembedwe papepalalo.

Wina anena kuti mafunso onsewa achulukitsa, anthu athawa. N'zoona, ngati muwaunjika onse pamodzi. Funso loyamba likhale lakuti munthu akufuna chiyani, ndipo wosankha simenti asaonenso za geji ya malata. Papepala ndiye kuti mukhale ndi mapepala osiyana a denga, a simenti ndi zitsulo, ndi a ntchito yomanga. Anthu ambiri adzadzaza pafoni yaing'ono, bandulo ili pafupi kutha, choncho mafunso okakamiza akhale okhawo amene popanda iwo simungawerengere. Alembedwe m'Chichewa chimene amisiri amalankhula. Akamaliza, muuzeni kuti ayembekezere yankho liti, ndipo musunge lonjezolo.

Musanayambe kugwiritsa ntchito fomu yanu, tengani makoteshoni makumi awiri amene munalemba posachedwa, muone mafunso amene munachita kubwerera kukafunsa kasitomala. Amenewo ndiwo alowe poyamba. Kenako mupatse fomuyo munthu amene sanamangepo nyumba kuti adzaze inu muli chete pambali pake, ndipo paliponse pamene waima n'kukuyang'anani, ikanipo chizindikiro, mukalembenso funso limenelo.