Magetsi akathima, paipi imalira bwanji?

Anthu okhala m'nyumba zosanja kapena ogwira ntchito m'zipatala zikuluzikulu amalidziwa phokosoli: magetsi athima, pampu yaima, kenako paipi imamveka kuti gu! ngati yamenyedwa ndi nyundo. Ambiri amaganiza kuti pulesha yakwera mwadzidzidzi. Imakweradi, koma imayamba yatsika, ndipo ngozi imabadwira pamenepo.

Tiyerekeze paipi yachitsulo ya mamita 600, yotenga madzi pa pampu kukawathira m'thanki yomwe ili mamita 60 m'mwamba. Madzi akuyenda mamita 1.5 pa sekondi. Pampu ikaima, madzi a kutsogolo amapitirirabe ndi ulendo pomwe kumbuyo kulibenso chowakankha, choncho pulesha imagwa pafupi ndi pampu. Kugwako kumathamanga m'paipi yachitsulo pafupifupi mamita 1,200 pa sekondi, kukafika kuthanki n'kubwerako m'sekondi imodzi yokha.

Mainjiniya amayamba ndi masamu a Nikolai Joukowsky a mu 1898:

```
ΔH = a × Δv / g = 1200 × 1.5 / 9.81 ≈ 183 m
```

Pampu yaing'ono ilibe kulemera kokwanira kuti izungulirebe, ndiye ikaima sekondi ija isanathe, pulesha imafuna kugwa ndi mamita onse 183. Koma inalipo ya mamita 60 basi. Ikatsika pafupifupi mamita 10 kunsi kwa ziro, madzi amasanduka nthunzi ngakhale ali ozizira, ndipo amaduka pakati n'kusiya mpata, kawirikawiri pamalo okwera a paipi. Madzi aja akabwerera amatseka mpatawo mowombana. Apa pulesha imatha kufika mamita 243, mwina kuposa, pomwe paipi yolembedwa PN16 inapangidwira mamita pafupifupi 163. N'chifukwa chake molumikizira mumayamba kudontha, zogwirira paipi zimazuka, ndipo valavu yoletsa madzi kubwerera imasweka.

Masamuwa amangochenjeza. Kuti aone malo enieni amene madzi angadukire, mainjiniya amalowetsa m'kompyuta kukwera ndi kutsika kwa paipi yonse, kulemera kwa pampu ndi mota, komanso liwiro lomwe valavu imatsekera. Geji wamba musaidalire, singano yake imachedwa.

Pogula zotetezera m'pamene ndalama zimatayika. Valavu yotulutsa madzi pulesha ikakwera siletsa kugwa koyamba kuja. Makina oimitsa mota pang'onopang'ono nawonso amafuna magetsi omwe athimawo. Chothandiza ndi thanki yokhala ndi mpweya wopanikizidwa, yoikidwa kutsogolo kwa valavu ya pampu, yomwe imakankhira madzi m'paipi pampu ikangoima. Nayo imafuna kuiyendera, chifukwa mpweya ukatha imangodzaza madzi, phokoso lija n'kuyambiranso.