Chinsinsi cha wodwala ndi abale ofuna kumva dzina la matenda

Pa maphunziro a unamwino pali funso lomwe limabwera kawirikawiri m'phunziro la khalidwe loyenera pantchito: namwino achite chiyani abale akaumirira kuti awauze matenda omwe m'bale wawo wapezeka nawo? Ophunzira ambiri amayankha kuti akane, natchula ndime 21 ya Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi a 1994 yomwe imateteza zachinsinsi za munthu, basi n'kulekera pomwepo. Yankholi ndi losakwanira, chifukwa silikhudza maganizo omwe avuta kuwazula m'mawodi mwathu, oti amene akusamalira wodwala ndiye kuti ali ndi ufulu wodziwa chilichonse.

Maganizowa ali ndi pogwira. M'zipatala zaboma gadiyani, kunena m'bale wodikirira wodwala, ndiye amamuphikira phala, kumusambitsa ndi kumuchapira, ndipo usiku amagona pansi pafupi ndi bedi. Kukana kuyankhula ndi munthu wotere kumaoneka ngati chipongwe, makamaka akakhala mwinimbumba yemwe kumudzi akudikira kuti akafotokoze. Komabe kukhetsa thukuta posamalira munthu sikusandutsa matenda ake kukhala a banja lonse. Gadiyani ayenera kudziwa kasamalidwe ka wodwala, koma dzina la matenda mwini wake ndi wodwalayo, ndipo zinthu ziwirizi zimatheka kuzilekanitsa.

Chitsanzo ndi cha mayi wa zaka 34 yemwe wagonekedwa ndi chifuwa chachikulu, ndipo poyezedwa wapezekanso ndi HIV. Apongozi ake aakazi, omwe ndiwo gadiyani, akuimitsa namwino pakhonde nati: “Anesi, tiuzeni chenicheni, ife ndife tikuvutika naye.” Pamenepa namwino ayambe wapita kwa mayiyo pa nthawi yomwe apongoziwo atuluka, amufunse motsitsa mawu kuti akufuna ndani adziwe, adziwe chiyani, ndipo owauza akhale ndani. Chilolezo chotere sichikhala cha zonse kapena cha aliyense. Mayiyo angalole kuti apongozi amve za chifuwa koma za HIV ayambe wauza yekha mwamuna wake, ndipo zomwe wasankhazo zilembedwe m'failo kuti ogwira ntchito usiku asaulule mosadziwa.

Akabwerera kwa apongozi, namwino angathe kunena kuti: “Amayi, mwagwira ntchito yaikulu. Za chifuwachi aloleza kuti ndikufotokozereni, ndipo tiyeni tikambirane nawo limodzi.” Kenako afotokoze kuti mankhwala ndi a miyezi 6 osadumphitsa, kuti mawindo azikhala otsegula, kuti apabanja omwe akukhosomola ndi ana aang'ono abwere kudzaunikidwa, komanso kuti kuvala magolovesi pogwira magazi kapena zilonda ndi lamulo posamalira wodwala aliyense. Motero gadiyani watetezedwa osamva zomwe mwini wake sadalole. Chomwe namwino sayenera kuchita ndi kunama kuti “ndi malungo chabe”, chifukwa bodzalo likadzaululika banja silidzakhulupiriranso chipatala, ndiponso lingachititse abale kusiyitsa wodwala mankhwala akangoona kuti wapezako bwino.

Chodandaulitsa n'chakuti chinsinsi sichiululika kwenikweni pamene abale akufunsa. Chimaululika pamene madokotala ndi anamwino akuyendera odwala n'kumatchula ma ARV mokweza m'wodi momwe mabedi ndi oyandikana, kapena pamene kabuku ka kuchipatala kapatsidwa kwa gadiyani kuti akatenge mankhwala ku famase. Anthu ambiri masiku ano amalidziwa botolo la ma ARV, ngakhalenso Bakitirimu womwedwa tsiku ndi tsiku. Wophunzira amene walemba masamba asanu a mfundo osatchula kabukuka sanaione wodi bwinobwino.

Malire alipo, ngakhale kuti ndi ochepa kuposa mmene abale amaganizira. Wodwala akakomoka kapena kusokonezeka mutu, m'bale mmodzi woyenera angauzidwe zokhazo zofunika popanga chiganizo cha chithandizo cha nthawiyo. Matenda ngati kolera amanenedwa kwa akuluakulu a zaumoyo, ndipo khothi lingalamule kuti zolembedwa ziperekedwe. Nkhani ya mwamuna wa mayiyo ndiyo yovuta, popeza moyo wake uli pachiopsezo, koma njira yake ndi uphungu ndi kuthandiza mayiyo kuulula yekha kapena kuyezetsa limodzi ngati banja, ataunikidwa kaye ngati sangachitidwe nkhanza. Zikakanika, namwino atengere nkhaniyo kwa sisitala woyang'anira wodi ndi dokotala, aonenso lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 ndi malangizo a khonsolo yoona za anamwino ndi azamba, asagamule yekha.

Choncho wolemba yankho la funsoli aonetse mawu enieni omwe namwino anganene kwa wodwala ndi kwa apongozi, atchulenso chomwe chilembedwe m'failo. Yankho longoti “akane” siliyenera kupatsidwa malikisi onse.