Nyali za LED pa pikapu: kulumikiza ndi rileyi ndi fyuzi yoyenera

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, ntchito yambiri yopakira katundu imachitika kunja kusanache. Matumba a chimanga, mabelo a fodya opita ku Kanengo, madengu a tomato othamangira kumsika, zonsezi zimakwezedwa mumdima, wina atanyamula tochi ya pafoni. N'chifukwa chake eni mapikapu ambiri amagula nyali zowonjezera za LED, zija zamakona anayi zomangirira pazitsulo za kuseri kwa kabini, kuti ziziunikira kumbuyo. Kuzimanga ndi bawuti n'kosavuta. Pamene pamagona nkhani ndi pa mawaya, chifukwa batire ya galimoto, ngakhale ili ya 12V yokha, imatha kutulutsa ma ampu mazanamazana waya wamoyo akakhudza chitsulo. Waya wotero amafiira m'kanthawi kochepa, pulasitiki yake n'kuyaka.

Tiyerekeze Toyota Hilux ya 12V imene mwini wake wagula nyali zinayi, iliyonse yolembedwa 27W. Asanadule waya ndi mmodzi yemwe, wamagetsi wodziwa ntchito amayamba wawerengera mphamvu imene nyalizo zidzakoke. Masamu ake ndi achidule: mawati onse pamodzi agawidwe ndi mavoti a batire. Nyali zinayi za 27W ndi 108W, ndipo 108 kugawa ndi 12 ndi 9. Ndiye kuti m'waya wamkulu mudzadutsa 9A nthawi yonse imene nyalizo zikuyaka. Nambala imeneyi ndiyo imalamula fyuzi, waya ndi rileyi yomwe.

Nyali zambiri zotchipa zimakoka mphamvu yochepa poyerekeza ndi zimene zalembedwa pabokosi, ndipo amene ali ndi mita angathe kuyeza nyali imodzi n'kudzionera yekha. Komabe kuwerengera ndi nambala ya pabokosi sikulakwika, chifukwa kumasiya malo opumira.

Fyuzi siyenera kukhala ndendende pa 9A. Fyuzi yogwira ntchito pamalire ake imatentha, imafooka, kenako imaduka popanda vuto lililonse. Amisiri ambiri amawonjezera gawo limodzi mwa magawo anayi pa nambala ija: 9 kuchulukitsa ndi 1.25 ndi 11.25. Fyuzi ya 11A kulibe m'mashopu, choncho munthu amatenga yotsatira pamwamba pake, ya 15A. Mafyuzi a mano awiri ogwiritsidwa ntchito m'magalimoto ambiri ali ndi mitundu yodziwika: ya 10A ndi yofiira, ya 15A ndi yabuluu, ya 20A ndi yachikasu, ya 30A ndi yobiriwira. Pa Hilux yathu ndi yabuluu imene ikufunika.

Apa pali mfundo imene anthu ambiri amaiphonya. Fyuzi siimaikidwa kuti iteteze nyali. Imaikidwa kuti iteteze waya. Ntchito yake ndi kusungunuka waya asanatenthe mpaka kuyaka, ndiye iyenera kukhala yofooka kuposa waya aliyense amene ali kutsogolo kwake. Munthu akaika fyuzi ya 30A pa kawaya kowonda ka 1 mm², shoti yaing'ono ikachitika kawayako ndi kamene kamayamba kupsa, fyuziyo ili chikhalire. Choipa kuposa apo ndi chizolowezi chopiringiza kawaya ka mkuwa kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu pamalo a fyuzi yoduka. Nyali zimayakadi, koma galimotoyo imakhala yatsala yopanda chitetezo chilichonse.

Waya woyenera pa 9A ndi fyuzi ya 15A ndi wa mkuwa wa 2.5 mm², wofewa, wa tizingwe tambirimbiri mkati. Waya wam'nyumba wa chingwe chimodzi cholimba sayenera, chifukwa kugwedezeka kwa galimoto mumsewu wafumbi kumauthyola pang'onopang'ono. Kunenepa kwa waya kuli ndi phindu linanso. Kuchoka pa batire kufika kuseri kwa kabini, waya akamazungulira motsatira chasisi amatha kukwana mamita 6. Pa mtunda umenewo waya wa 2.5 mm² amataya pafupifupi 0.4V, pamene wa 1 mm² amataya pafupifupi voti yathunthu, ndipo mphamvu yotayikayo imasanduka kutentha m'wayamo. Pogula ndi bwino kuyang'ana mkuwa wa mkati, osati kunenepa kwa pulasitiki, popeza pamsika pali mawaya ooneka onenepa koma mkati muli tizingwe towerengeka.

Mawaya opatukira ku nyali iliyonse nawonso ali pansi pa fyuzi yomweyo ya 15A. Ngakhale nyali imodzi ikukoka ma ampu awiri ndi pang'ono, nthambi yake isachepere 1.5 mm².

Tsono rileyi ikubwera bwanji pamenepa? Popanda iyo, 9A yonse iyenera kulowa m'kabini, kudutsa pa swichi ya padashibodi, n'kutulukanso kupita kumbuyo. Waya amatalika, swichi zambiri zing'onozing'ono zimatentha ndi kusungunuka, ndipo waya wamphamvu amadutsa pafupi ndi mawondo a dalaivala. Ena amangolumikiza nyali zatsopano ku waya wa nyali zakumbuyo kapena wa wailesi, umene kampani inaupangira katundu wochepa, fyuzi ya galimoto n'kumaduka usiku pamsewu. Rileyi imathetsa zonsezi. Mkati mwake muli koyilo, kawaya kopiringizidwa kamene kamasanduka maginito kakalandira magetsi, n'kukoka kachitsulo kotseka njira ya mphamvu yaikulu. Koyiloyo imangofuna pafupifupi 0.2A kapena kucheperapo. Zili ngati kamnyamata kotsegula chipata cha khola: sikanyamula ng'ombe, kamangochotsa mpiringidzo ng'ombezo n'kudzitulukira zokha. Swichi ya m'kabini imangonyamula kamphamvu ka koyilo, pamene 9A imayenda njira yakeyake kuchoka ku batire kupita ku nyali.

Rileyi yofala ndi kabokosi kakuda kolembedwa 12V 30A kapena 12V 40A, ndipo pafupi ndi mwendo uliwonse pansi pake pali nambala. Manambalawo ndi ofanana kulikonse chifukwa amatsatira muyezo wa ku Germany wotchedwa DIN 72552. Mwendo wa 30 ndi polowera mphamvu yochokera ku batire, itadutsa kale pa fyuzi. Mwendo wa 87 ndi potulukira kupita ku nyali. Miyendo ya 85 ndi 86 ndi ya koyilo: 86 imalandira pozitivu yochokera ku swichi, 85 imapita ku chitsulo cha galimoto. Pa marileyi ambiri miyendo iwiriyi itasinthanitsidwa palibe chimene chimavuta, koma ena ali ndi dayodi mkati, ndipo amenewo akalumikizidwa mosemphana dayodiyo imapsa kapena fyuzi ya swichi imaduka. Kuzolowera 86 ku pozitivu kumapewetsa zimenezi. Rileyi ya miyendo isanu ili ndi wina pakati wolembedwa 87a, umene umakhala ndi magetsi pamene swichi ili yozimitsa. Pantchito ino mwendo umenewo usiyidwe wopanda kanthu, ndipo uphimbidwe.

Ntchito yeniyeni imayamba ndi kumasula waya wa negetivu pa batire. Sipanala ikakhudza pozitivu ndi chitsulo nthawi imodzi negetivu ikadali pamalo, imathetheka moto ndipo ingathe kuwotcha dzanja. Kenako chosungira fyuzi chimalumikizidwa ku pozitivu ya batire, pafupi kwambiri, mtunda wosapitirira chikhatho chimodzi kapena ziwiri, fyuziyo isanalowetsedwe. Kuyandikira kumeneku n'kofunika chifukwa kachigawo ka waya ka pakati pa batire ndi fyuzi kalibe chokateteza. Fyuzi yoikidwa kumbuyo pafupi ndi nyali imasiya mamita onse 6 ali pangozi.

Rileyi imamangidwa m'boneti, kutali ndi kutentha kwa ekizozi, miyendo yake italoza pansi kuti madzi asadikhe mkati. Waya wochoka pa 87 amavekedwa paipi yapulasitiki yoteteza mawaya, n'kumangidwa ndi timalamba motsatira chasisi kuti asalendewere kapena kukhudza chilichonse chozungulira. Paliponse pamene waya akudutsa pabowo la chitsulo pamafunika mphira wotchinga m'mphepete mwa bowolo. Mashoti ambiri amayambira pamalo otere, patapita miyezi waya akukhuzika pang'onopang'ono. Mitu ya mawaya ipanidwe bwino ndi chopanira chake, chifukwa kupotokola ndi zala n'kukulunga tepi kumamasuka ndi kutentha.

Negetivu ya nyali imabwerera kudzera m'chitsulo cha galimoto, ndipo apa ndi pamene ntchito zambiri zabwino zimaonongekera. Zitsulo za kuseri kwa kabini nthawi zambiri zimakhala zopentedwa ndiponso zomangidwa pa bodi yopentedwa, choncho sizidalirika. Waya wa negetivu, wonenepa mofanana ndi wa pozitivu, atsike mpaka pa bawuti ya chasisi, pamalopo papalidwe utoto ndi dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, ndipo akamanga apakepo girisi.

Patsala funso la kumene swichi itenge magetsi ake. Ikatenga pa waya amene amakhala ndi moto pokhapokha kiyi atatembenuzidwa, kudzera pa fyuzi yaing'ono ya 3A kapena 5A, nyali sizingaiwalike zikuyaka usiku wonse. Ikatenga mwachindunji ku batire, nyali zimayaka ngakhale kiyi ali m'thumba, zimene opakira katundu amazikonda, koma mtengo wake ulipo. Batire ya 70Ah ikamakokedwa 9A imafika pa theka m'maola osakwana anayi, ndipo pofika apo injini ya dizilo ingakane kulira m'mawa kukuzizira. Njira yoyambayo ndi yabwino kwa ambiri, ndipo ntchito ikakhala yaitali injini izilira. Swichi yokhala ndi kanyali kosonyeza kuti yayatsidwa imathandizanso, popeza nyali zoloza kumbuyo zikaiwalika pamsewu zimathobwa m'maso dalaivala wobwera pambuyo.

Zonse zikatha, negetivu imabwezeretsedwa, fyuzi n'kulowa pomalizira. Swichi ikadinidwa rileyi imamveka kuti "thi", ndipo kaphokoso kameneka ndi kothandiza pofufuza vuto. Kukakhala zii, vuto lili kumbali ya koyilo: swichi, fyuzi yaing'ono, kapena negetivu ya pa 85. Ikalira koma nyali osayaka, munthu ayeze ngati pa 30 pali 12V, kenako pa 87, kenako negetivu ya kumbuyo. Nyali zoyaka swichi ili yozimitsa, n'kuzima ikayatsidwa, zikusonyeza kuti waya walumikizidwa pa 87a m'malo mwa 87. Zothwanimathwanima pamabampu zimaloza ku negetivu yosagwira bwino kapena mutu wa waya womasuka.

Kadukidwe ka fyuzi nakonso kamanena zambiri. Ikaduka nthawi yomweyo swichi itangodinidwa, pali shoti pakati pa 87 ndi nyali, ndipo kuika yaikulu sikuchiza kanthu; wayayo atsatidwe mpaka papezeke pamene wasupuka. Ikamaduka patapita mphindi zingapo, mwina nyali zikukoka kuposa mmene anawerengera, kapena mano a chosungira fyuzi ndi olobodoka ndipo akutentha, zimene zimaoneka ndi pulasitiki yodera kapena yosungunuka pamenepo. Nyali zikayaka kwa mphindi khumi, kukhudza waya, rileyi ndi chosungira fyuzi kumauza zoona: kufunda pang'ono pa rileyi si vuto, koma malo otentha moti chala sichingakhalepo ayenera kumasulidwa ndi kupanidwanso.

Pa malole ambiri akuluakulu magetsi ndi a 24V. Nyali zambiri za LED zimalandira kuyambira 10V mpaka 30V, monga zimalembedwera kumbuyo kwake, koma rileyi iyenera kukhala ya 24V chifukwa koyilo ya 12V imapsa. Masamu nawo amasintha: 108W kugawa ndi 24 ndi 4.5A, kuchulukitsa ndi 1.25 ndi 5.6A, ndipo fyuzi yoyenera pamenepo ndi ya 7.5A, yabulawuni.