Imelo yaifupi yochotsa ntchito zokwana 800 miliyoni

Pulogalamu ya kompyuta ikayamba kuchedwa, ambiri amathamangira kunena kuti makina akalamba, pagulidwe ena. Koma nthawi zambiri makinawo amakhala alibe mlandu. Vuto limakhala pa momwe pulogalamuyo imafufuzira chinthu pamndandanda, ndipo amene amaliona msanga akhoza kukhala wolemba mapulogalamu wongoyamba kumene ntchito, chifukwa iye amawerenga mzere uliwonse mosamala.

Tiyerekeze kuti kampani ina ili ndi makasitomala 50,000, ndipo mwezi uno alipira 20,000. Pulogalamu iyenera kutulutsa manambala a anthu amene sanalipire kuti atumiziridwe uthenga wowakumbutsa. Amene anailemba poyamba, m'chilankhulo cha Python, anachita motere:

```python
osalipira = []
for k in makasitomala:
    wapezeka = False
    for n in olipira:
        if k == n:
            wapezeka = True
            break
    if not wapezeka:
        osalipira.append(k)
```

Apa pali malupu awiri, ina mkati mwa inzake. Lupu ndi lamulo louza kompyuta kuti ibwereze ntchito imodzimodzi pa chinthu chilichonse cha pamndandanda. Yakunja imatenga kasitomala mmodzi, ndipo yamkati imayenda naye pamndandanda wa olipira kuyambira pamwamba, kuyerekeza nambala ndi nambala mpaka itamupeza.

Tiwerengere. Aliyense mwa anthu 30,000 amene sanalipire amayerekezedwa ndi manambala onse 20,000 kompyuta isanatsimikize kuti palibe, ndiye kuti maulendo 600 miliyoni. Amene analipira amapezeka ena kumayambiriro, ena kumapeto, ndipo tikagawa mofanana aliyense amadya maulendo pafupifupi 10,000, onse pamodzi 200 miliyoni. Kuphatikiza zonsezi, kompyuta imayerekeza manambala ka 800 miliyoni kuti itulutse lipoti limodzi. Choopsa n'chakuti mindandanda iwiriyi ikakula kawiri, ntchito imakula kanayi, kufika pa 3.2 biliyoni. N'chifukwa chake pulogalamu yotere imayenda bwinobwino poyesera ndi mayina 100, kenako n'kudzavuta kampani itakula.

Wolemba wachinyamatayo, ataona zimenezi, sanangosintha mwakachetechete. Analembera mkulu wa gulu lake imelo iyi:

"Abwana, mwaswera bwanji? Ndimayang'ana chimene chikuchedwetsa lipoti la osalipira. Ndapeza kuti pafupifupi nthawi yonse ikuthera pa malupu awiri oyerekeza makasitomala ndi olipira. Ndayeza ndi `time.perf_counter()` pa mindandanda ya mwezi watha, ndipo gawo limeneli latenga masekondi 40 pa kompyuta yanga. Nditaika olipira mu seti ya hashi, silinakwane ndi sekondi imodzi yomwe. Ndayerekeza zotuluka m'njira ziwirizi, ndipo mayina ndi omwewo, m'ndondomeko yomweyo. Mtengo wake ndi memori yoonjezera yosungira setiyo, koma pa manambala 20,000 ndi yochepa. Sindinakhudze pulogalamu imene ikugwira ntchito. Mukapeza mpata mundionereko, ndipo ngati pali chifukwa chimene inalembedwera mwanjira ija, mundiunikire. Zikomo."

Pansi pake anaika mizere iwiri yolowa m'malo mwa yakale ija:

```python
olipira_seti = set(olipira)
osalipira = [k for k in makasitomala if k not in olipira_seti]
```

Kodi seti ya hashi imafulumira bwanji chonchi? Taganizirani kalaliki amene ali ndi makadi ambirimbiri a anthu. Akawaunjika mulu umodzi, aliyense wobwera adikira kuti mulu wonse usanthulidwe. Koma akakhoma mabokosi 100 n'kumaika khadi lililonse m'bokosi logwirizana ndi manambala awiri omalizira, khadi lothera ndi 47 alifuna m'bokosi 47 basi, ndipo likasowa mmenemo ndiye kuti kulibe kwina kulikonse. Seti ya hashi imachita zomwezo. Imatenga chinthu, kaya ndi nambala kapena dzina, n'kuchiwerengera masamu otulutsa nambala ina yotchedwa hashi, ndipo nambala imeneyo ndiyo imaloza malo osungira. Pofufuza imabwereza masamu omwewo n'kulunjika pamalopo. Nthawi zina zinthu ziwiri zimagwera malo amodzi, ndipo zikatero seti imayang'ananso malo ena ochepa. Malo akayamba kudzaza imadzikulitsa yokha kuti kugundana kotere kusachuluke. Nzeru imeneyi si yatsopano ayi: Hans Peter Luhn wa kampani ya IBM anailemba kale mu 1953.

Pa chitsanzo chathu, kuika olipira mu seti ndi ntchito 20,000, kufufuza makasitomala ndi ntchito 50,000. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 70,000 m'malo mwa 800 miliyoni, ndipo mindandanda ikakula kawiri ntchito nayo imangokula kawiri.

Ngakhale makampani akuluakulu amagwa m'mbuna yomweyi. Mu 2021 munthu wina wodzitcha t0st anafufuza chifukwa chimene masewera a pakompyuta otchedwa GTA Online ankatengera mphindi zingapo kuti atseguke. Limodzi mwa mavuto awiri amene anapeza linali lakuti pulogalamu inkawerenga zinthu pafupifupi 63,000, ndipo chilichonse inkachiyerekeza ndi zonse zimene zalowa kale poopa kubwereza, ntchito yofika pafupifupi 2 biliyoni. Atakonza mavuto awiriwo, nthawi yodikira inatsika ndi 70 peresenti. Eni masewerawo, a Rockstar Games, anavomereza kuti wanena zoona ndipo anamupatsa madola 10,000.

Komabe mkulu wa gulu wodziwa ntchito sangavomere asanafunse mafunso, ndipo loyamba ndi lakuti lupu yakale inkayerekeza motani. Seti imapeza chinthu chofanana ndendende basi. Nambala ya foni yolembedwa moyamba ndi 0 ndi yomweyo yolembedwa moyamba ndi +265 kwa seti ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ngati lupu yakale inali ndi kamzere kongoyang'ana manambala omalizira, kuichotsa osayamba wakonza manambala onse kuti alembedwe mofanana kuchititsa kuti anthu olipira kale alandire uthenga wa ngongole. Pulogalamu siidandaula, imangotulutsa yankho lolakwika mofulumira. Chizindikiro chake ndi chiwerengero cha osalipira chokwera mwadzidzidzi, ndipo n'chifukwa chake kuyerekeza zotuluka zakale ndi zatsopano, monga anachitira wachinyamata uja, n'kofunika kuposa kuyeza liwiro.

Funso lachiwiri ndi la zimene seti imataya. Siisunga chinthu kawiri, ndiponso siilonjeza kusunga ndondomeko. Munthu akalipira kawiri mwezi umodzi, mu seti aoneka kamodzi. Pa funso lakuti walipira kapena ayi palibe vuto, koma wofuna kudziwa kuti walipira kangati kapena zingati afunika `dict`, imene imagwiritsanso ntchito hashi koma imasunga chinthu pamodzi ndi mtengo wake. Onaninso kuti mu seti mwalowa olipira okha. Makasitomala atsala pamndandanda wawo, motero lipoti latuluka m'ndondomeko yake yakale.

Pali msampha wina umene umakola ambiri. Kulemba `k not in olipira` pamndandanda wamba kumaoneka kwaufupi, koma Python imayendabe mndandanda wonse mseri. Chimodzimodzinso kulemba `set(olipira)` mkati mwa lupu: setiyo imamangidwanso pa kasitomala aliyense, ndipo phindu lonse limatha. Iyenera kumangidwa kamodzi, lupu isanayambe. Ndipo ngati mndandanda uli wa zinthu khumi zokha ndipo sudzakula, kusinthako sikungapindulitse aliyense.

Imelo ija ili ndi mphamvu chifukwa mkulu wa gulu akhoza kutsimikiza yekha chilichonse chimene yanena: malo pamene pakuchedwa, nthawi ya njira zonse ziwiri, umboni wakuti yankho silinasinthe, ndi mtengo wa kusinthako. Chimene chamutsalira ndi kuyendetsa njira ziwirizo pa mindandanda ya mwezi wina, kuona ngati manambala a foni alembedwa mofanana, ndi kulola kuti mizere iwiri ija ilowe.