Akakuphwanyirani mgwirizano, si nthawi zonse pamene mungauthetse

Anthu ambiri amaganiza kuti mnzawo akalephera chimodzi mwa zimene anapangana, basi mgwirizano watha. Malamulo a ku England, amene makhoti a ku Malawi amatsatiranso pa nkhanizi, satero. Amayamba afunsa kuti mfundo yophwanyidwayo ndi yolemera bwanji.

Mu 1876 khoti la ku England linaweruza milandu iwiri ya oimba. Mayi Poussard anadwala n'kulephera kuimba pa usiku wotsegulira sewero ndi masiku otsatira, ndipo eni sewerolo analemba woimba wina. Khoti linati sanalakwe, chifukwa kupezeka pa masiku oyambawo kunali mtima wa mgwirizano wonse. Mfundo yotere maloya amaitcha kondishoni. Ikaphwanyidwa, wolakwiridwa angathe kuthetsa mgwirizano n'kufunanso chipukuta misozi, kapena kuupitiriza n'kungofuna ndalamazo.

Bambo Bettini nawonso anadwala, koma iwo anangochedwa ku zokonzekera, zimene anayenera kufikako kutatsala masiku 6. Kuimba kwenikweniko akanatha. Khoti linati imeneyi inali walanti, mfundo yam'mbali. Wowalemba ntchito sanayenere kuwachotsa. Chimene akanafuna ndi ndalama zolipira zomwe anataya, basi.

Vuto n'lakuti mfundo zina sizilowa bwino m'magulu awiriwa. Mlandu wa sitima yotchedwa Hongkong Fir ndiwo unaonetsa zimenezi. Kampani ya ku Japan inabwereka sitimayo kwa miyezi 24, eni ake atalonjeza kuti inali yoyenera kuyenda panyanja. Koma injini zinali zakale, ogwira ntchito ku injiniko anali ochepa, ndipo mkulu wawo sankaidziwa bwino ntchito. Masabata pafupifupi 20 anathera pokonza. Obwerekawo anathetsa mgwirizano, ndipo nthawi imeneyo mitengo yobwerekera sitima inali itatsika kwambiri.

Jaji Diplock anaona kuti lonjezo lotere lingaphwanyidwe m'njira yaing'ono kwambiri kapena yoopsa, choncho silingapatsidwe gulu pasadakhale. Mfundo zoterezi amazitcha zopanda dzina, kapena inomineti. Khoti limayang'ana zotsatira zake: kodi wolakwiridwayo walandidwa pafupifupi phindu lonse limene ankayembekezera? Ngati ndi choncho, angathetse mgwirizano. Ngati ayi, angolandira chipukuta misozi. Pa mlanduwu sitimayo itakonzedwa inali ndi miyezi pafupifupi 17 yoti igwire ntchito, motero obwerekawo ndi amene anapezeka olakwa pouthetsa.

Apa ndi pamene ndimadera nkhawa amalonda athu. Munthu wolakwiridwa akathetsa mgwirizano mopupuluma, amasanduka wophwanya, n'kulipira ndi iyeyo. Ngati tsiku lofikira katundu ndi lofunika kwambiri kwa inu, lembani momveka kuti likangodutsa muli ndi ufulu wothetsa mgwirizano. Kungolemba mawu akuti kondishoni sikokwanira nthawi zonse, chifukwa khoti limawerenga chikalata chonse kuti lione zimene awirinu munkatanthauza.