Kope la katundu wa mu okala: kalembedwe kake ndi zimene limaulula

Eni okala ambiri amadziwa bwino ndalama zimene zili m'bokosi dzuwa likamalowa. Koma muwafunse kuti mapaketi a shuga atsala angati, ayamba atembenuka kaye n'kuyang'ana pa shelefu, kenako n'kuyankha kuti "alipo ndithu angapo." Mpamba wa ambiri umathera pa yankho limeneli. Ndalama za m'bokosi zimanamiza, makamaka masiku ano pamene mitengo ikusintha kawirikawiri. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, panali eni mashopu amene ankawerenga ndalama zochuluka kuposa kale n'kumasangalala, koma atapita kukaoda anapeza kuti ndalama zomwezo zikugula katundu wochepa. Paketi ya shuga imakhala paketi imodzi ngakhale mtengo ukwere kawiri pa mwezi. N'chifukwa chake kope la katundu limawerenga zinthu, osati makwacha, ndipo liyenera kukhala losiyana ndi kope la ndalama komanso la ngongole.

Zofunika ndi kope la hadikava, rula ndi bolopeni. Pensulo musagwiritse ntchito, chifukwa zolembedwa ndi pensulo zimafutika popanda wodziwa. Lamulo loyamba, limene ambiri amaliphonya, ndi lakuti mtundu uliwonse wa katundu ukhale ndi tsamba lakelake. Shuga wa kilogalamu imodzi tsamba lake, wa theka la kilogalamu tsamba lina. Sopo wochapira wamtanda asaphatikizidwe ndi wosambira. Mukalemba zonse pa tsamba limodzi motsatira masiku, mudzafunika kufufuza masamba khumi kuti mudziwe za mchere wokha, ndipo pasanathe mwezi mudzatopa n'kulisiya kopelo.

Pamwamba pa tsamba lembani dzina la katunduyo ndi muyezo umene mumagulitsira, osati umene mumaodera. Shuga mumaoda pa belo koma mumagulitsa pa paketi, choncho tsambalo liziwerenga mapaketi. Mazira mumatenga pa thireyi ya 30 koma mumagulitsa limodzilimodzi, ndiye muziwerenga mazirawo. Mukatero dulani tsambalo ndi rula kuti likhale ndi zigawo zisanu: tsiku, zolowa, zotuluka, zotsala, ndi chigawo chotakata kumapeto cholembamo chifukwa chake. Masamu ake ndi amodzi okha: zotsala za dzulo, kuphatikiza zolowa, kuchotsa zotuluka, zikupatsani zotsala za lero.

Mzere woyamba suchokera m'mutu. Tsekani okala madzulo ena, muwerenge ndi manja chilichonse, cha pa shelefu, cha pansi pa kauntala ndi chimene munasunga kuchipinda. Ngati katundu ndi wambiri, musaumirire kuyamba ndi zonse. Sankhani mitundu khumi kapena khumi ndi isanu imene imayenda kwambiri ndiponso imene yadya mpamba wochuluka, monga shuga, mafuta ophikira, sopo, mchere, mazira ndi zakumwa. Zina mudzawonjezera dzanja likazolowera.

Tiyerekeze ndi tsamba la shuga kwa sabata imodzi. Lamulungu madzulo mwawerenga n'kupeza mapaketi 7, mwalemba 7 pa zotsala. Lolemba m'mawa wakabaza wabweretsa mabelo awiri a mapaketi 20 lililonse. Musakopere lisiti chabe, werengani mapaketiwo asanakwere pa shelefu, chifukwa belo lobooka panjira limafika loperewera. Akwana 40, mwalemba pa zolowa, zotsala zafika 47. Tsiku lomwelo mwagulitsa 9, atsala 38.

Lachiwiri mwagulitsa 6, ndipo mwana wabwera kuti, "Amayi akuti mundipatse shuga wa tiyi." Paketi imeneyi ikhale ndi mzere wakewake, chifukwa chake mulembe kuti "zapakhomo." Atsala 31. Apa ndi pamene makope ambiri amafera. Mwini okala amaona kuti katunduyo ndi wake, palibe chifukwa chodzilembera. Ndi wanudi, ndipo palibe akukuletsani kudya, koma paketi yachoka pa shelefu, kope liyenera kudziwa. Lachitatu atuluka 8, awiri mwa iwo pa ngongole. Onse asanu ndi atatu alembedwe pa zotuluka, chifukwa kope ili silifunsa ngati ndalama zalowa. Dzina la wokongolayo lipite ku kope la ngongole. Atsala 23. Lachinayi mwagulitsa 5 ndipo paketi imodzi yang'ambika, nyerere zalowamo. Imeneyinso ndi yotuluka, chifukwa chake ndi "yowonongeka." Atsala 17. Lachisanu mwagulitsa 7, kope likuti atsala 10.

Wina anena kuti nthawi yolemba zonsezi ilipo kuti, anthu atadzaza pawindo m'mawa, uyu akufuna buledi, uyo machesi. Zoona, ndipo musayese kutsegula kope pa kasitomala aliyense. Ikani pepala limodzi pa kauntala lokhala ndi mayina a katundu uja, ndipo mukagulitsa chinthu jambulani kamzere pafupi ndi dzina lake. Timizere tikakwana tinayi, kachisanu kazidutsa pakati pawo, kuti powerenga muzingowerenga zisanuzisanu. Madzulo mukatseka, wonkhetsani timizereto n'kusamutsira m'kope. Ntchito imeneyi ichitike tsiku lomwelo. Mukaisiyira mawa, mudzayamba kulemba zongoganizira, ndipo kope la zongoganizira n'loipa kuposa kusakhala nalo, chifukwa mumalikhulupirira.

Loweruka m'mawa, musanatsegule, werenganinso shuga ndi manja. Kope likuti 10, koma pa shelefu pali 8. Mapaketi awiri asowa. Kuwerenga kumeneku ndiko kumapatsa kope mphamvu, chifukwa popanda kufananitsa ndi zimene zilipodi, manambalawo ndi nkhani chabe. Ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi: musathamangire kuloza chala mnyamata wokuthandizani kapena mwana wa achemwali anu amene amatsala pa okala mukachoka. Ubale wambiri wasokonekera chifukwa cha kuchotsera kolakwika. Yambani ndi masamu, mzere ndi mzere. Kenako tsegulani kope la ngongole muone ngati muli shuga amene sanalembedwe pa zotuluka. Funsani kunyumba ngati wina anatenga osanena. Yang'anani kuseri kwa makatoni, ndipo kumbukirani ngati panali nthawi ya chipwirikiti imene timizere tikanatha kuiwalika. Zonsezi zikalephera kufotokoza, ndi pamene mungayambe kuganiza za dzanja la munthu.

Ngakhale pamenepo, sabata imodzi siipereka chigamulo. Musafute 10 uja n'kulembapo 8. Lembani mzere watsopano, 2 pa zotuluka, chifukwa chake "zosowa powerenga," zotsala 8, n'kuyambira pamenepo. Pakatha milungu inayi kapena isanu, mizere imeneyi iyamba kulankhula. Kulakwitsa kwa masamu kumagwera mbali zonse, lero kuperewera, mawa kupitirira. Koma ngati sabata iliyonse katundu akungoperewera, pa zinthu zomwezomwezo, makamaka zosavuta kubisa m'thumba kapena kugulitsa kwina, ndiye kuti pali njira imene akutulukira. Onaninso masiku ake, ngati akugwirizana ndi masiku amene inu mumapita ku maoda.

Katundu wovuta kwambiri ndi woyeza, ndipo mfumu yake ndi mafuta ophikira. Mumagula chigubu cha malita 20 n'kumagulitsa pang'onopang'ono m'timapepala kapena m'timabotolo ta makasitomala. Simungawerenge zotsala tsiku ndi tsiku ngati mapaketi. Chitani chonchi: tsamba lake liziwerenga zigubu zosatsegula, ndipo chigubu chimene mwatsegula chikhale ndi mzere wake wautali. Lembani tsiku limene mwachitsegula, muziika timizere pa muyezo uliwonse umene mwagulitsa, ndipo chikatha lembani tsikulo ndi kuchuluka kwa miyezo yonse. Ngati kachikho kanu ndi ka mamililita 100, pa masamu chigubu chiyenera kutulutsa miyezo 200. Sichidzafika pamenepo, chifukwa ena amamatirira m'chigubu, ena amadontha, ndipo dzanja limapyoletsa pang'ono kwa kasitomala wodziwika. Tinene kuti choyamba chatulutsa 192, chachiwiri 190. Pamenepo mwadziwa muyezo weniweni wa okala yanu, ndipo mtengo wa kachikho muuwerengere pa 190, osati pa 200. Tsiku limene chigubu chidzathere pa 170, mudzadziwa kuti pafupifupi malita awiri apita kwina, mwina kukhitchini, mwina woyezayo akusefukiza. Njira yomweyi imagwira pa mpunga, nyemba ndi ufa wa m'thumba. Maswiti ndi chingamu musavutike kuziwerenga kamodzikamodzi, ingolembani tsiku limene mwatsegula paketi ndi tsiku limene yatha.

Kope likayenda milungu ingapo limakuuzaninso nthawi yokaoda. Pa shuga uja munagulitsa mapaketi 35 m'masiku asanu, kutanthauza 7 pa tsiku. Ngati kuchokera pamene mwaganiza zokaoda mpaka katundu kufika pamatenga masiku awiri, monga zimakhalira kwa amene amakatenga katundu ku Limbe kapena ku Malangalanga kuchokera kutali, mufunika mapaketi 14 oti akusungeni. Wonjezerani pang'ono chifukwa cha maliro, zinkhoswe ndi kumapeto kwa mwezi, mulembe pamwamba pa tsamba ndi inki yofiira kuti "akafika 20, kaodeni." Mu chitsanzo chathu, Lachinayi madzulo zotsala zinali 17, ndiye kuti ulendo wa ku maoda unayenera kukonzedwa tsiku lomwelo. Amene wadikira mpaka Loweruka ali ndi mapaketi 8, amene atha tsiku lomwelo kapena Lamulungu m'mawa, ndipo makasitomala akawoloka msewu kupita kwa mnzake amakagulanso komweko sopo ndi mchere.

Masamba amene akhala oyera nawonso muziwayang'ana. Ngati tsamba la mafuta odzola latha mwezi ndi mizere iwiri yokha, mpamba wanu wagona pamenepo pamene shuga akuperewera. Musaodenso mpaka atatha, ndipo ngati tsiku lake lothera ntchito likuyandikira, tsitsani mtengo atuluke. Poika katundu watsopano pa shelefu, wakale abwere kutsogolo.

Ngati pa okala mumasinthana anthu awiri kapena atatu, aliyense azisaina pa pepala la timizere la tsiku lake, ndipo pa tsiku lowerenga katundu muziwerengera limodzi, wina akugwira katundu wina akugwira kope. Wothandiza wokhulupirika amakondwera ndi dongosolo limeneli chifukwa limamuteteza ku mabodza. Gulani kope sabata ino, musankhe madzulo amodzi otseka msanga, ndipo muyambe ndi tsamba la shuga ndi la mafuta.